Chithunzi chimodzi, zidutswa 1,370: zimene zimachitikira uthenga usanatuluke m'kompyuta

Chilembo chimodzi, monga "a", chimatenga malo a baiti imodzi m'kompyuta. Koma chikamatumizidwa chokhachokha kudzera pa waya wa netiweki ya mu ofesi, chimatuluka chitanenepa mpaka mabaiti 64, ndipo apa nkuti njira zobisira uthenga zisanawonjezere zawo. Mabaiti 63 enawo wotumiza sanawalembe ndipo wolandira sadzawaona. Amaikidwa m'njira, uthengawo ukamatsika kuchoka pa pulogalamu imene munthu akugwiritsa ntchito kukafika pa waya.

Kutsika kumeneku kuli ndi dongosolo lake. Ntchito yotumiza uthenga inagawidwa m'magawo osanjikana, lina pamwamba pa linzake, ndipo gawo lililonse lili ndi ntchito imodzi. Likalandira katundu kuchokera pamwamba silimutsegula. Limangomata kutsogolo kwake mabaiti ochepa a malangizo, amene akatswiri amawatcha mutu, nkupatsira gawo lapansi pake. Zili ngati usipa wochoka ku Mangochi kupita kwa achibale m'tauni: mayi amaumanga m'jumbo, mwana wawo amaika jumboyo m'katoni nkulembapo dzina ndi nambala ya foni, kondakitala amalemba pa katoniyo siteji yotsitsira. Kondakitala alibe nazo ntchito za mtundu wa nsomba, ndipo mayi aja sadziwa kuti basi idzera msewu uti. Kusiyana kwake ndi kwakuti netiweki sinyamula katoni yaikulu. Imayamba yauduladula uthenga, ndipo chidutswa chilichonse chimamangidwa pachokha.

Asanu ndi awiri a m'buku, anayi a pa ntchito

Aliyense amene anaphunzirako za manetiweki analoweza magawo asanu ndi awiri a OSI, dongosolo limene bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO linasindikiza mu 1984. Pansi penipeni pali gawo la waya ndi mafunde, pamwamba pake gawo lolumikiza makina oyandikana, kenako gawo lopeza njira pakati pa manetiweki, gawo loonetsetsa kuti uthenga wafika, gawo losunga kukambirana, gawo la kalembedwe ka uthenga, ndipo pamwamba penipeni gawo la mapulogalamu. Maboma angapo, kuphatikizapo la America, ankaona kuti tsogolo lili kumeneko.

Tsogolo linadzera kwina. Zaka khumi izi zisanachitike, mu 1974, Vint Cerf ndi Bob Kahn anali atasindikiza kale maganizo awo a momwe manetiweki osiyanasiyana angalankhulirane. Poyamba anali malamulo amodzi otchedwa TCP, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anawagawa pawiri: IP yopeza njira, TCP yoonetsetsa kuti zonse zafika. Pa 1 Januwale 1983 netiweki ya ARPANET, kholo la intaneti, inasamukira ku TCP/IP. Pamene makomiti a OSI ankamalizitsa zolemba zawo, anzawowa anali ndi makina oyenda kale. Chikalata cha mu 1989 chotchedwa RFC 1122 chimafotokoza intaneti m'magawo anayi okha: la mapulogalamu, la TCP ndi anzake, la IP, ndi la kulumikiza makina oyandikana.

Chimene chinatsala cha OSI ndi manambala ake. Katswiri akanena kuti "vutoli ndi la pa gawo lachiwiri" amatanthauza swichi kapena Wi-Fi, akati "lachitatu" ndiye kuti akunena za IP ndi rauta, "lachinayi" ndi TCP. Magawo achisanu ndi achisanu ndi chimodzi amatchulidwa kwambiri m'mayeso kusiyana ndi m'maofesi, ndipo kunena zoona munthu akhoza kukonza manetiweki zaka zambiri osawasowa.

Chithunzi chiyamba ulendo

Mwachitsanzo, mlembi wa mu ofesi ina ku Lilongwe akutumiza chithunzi cha mabaiti 2,000,000 ku webusayiti. Laputopu yake yalumikizidwa ndi waya ku rauta ya mu ofesimo. Adiresi ya laputopuyo ndi 192.168.1.20, ya rauta ndi 192.168.1.1, ndipo seva yolandira chithunzi ili kunja kwa dziko pa adiresi 203.0.113.10, imene ndi imodzi mwa maadiresi osungidwira zitsanzo zokhazokha.

Gawo loyamba kugwira chithunzicho ndi bulawuza. Iyo imalankhula chinenero cha mawebusayiti chotchedwa HTTP, ndipo imalemba kutsogolo kwa chithunzi mizere ingapo yonena kuti ili ndi pempho loika fayilo, likupita pa tsamba lakuti, fayiloyo ndi ya mtundu wakuti ndipo ndi yaikulu chonchi. Popeza mawebusayiti ambiri masiku ano ndi a HTTPS, zonsezi zimadutsa mu TLS, imene imazisokoneza mwa masamu kuti wongodutsa asathe kuwerenga. Kuchokera apa kupita pansi palibenso gawo lodziwa kuti katunduyu ndi chithunzi. Kwa onse otsatira, ndi mtsinje wa mabaiti opanda tanthauzo.

Mtsinjewo umaperekedwa kwa TCP, ndipo pano ndi pamene pali ntchito yambiri. TCP siyamba nkutumiza. Imayamba yagogoda: laputopu imatumiza kauthenga kotchedwa SYN, seva imayankha ndi SYN-ACK, laputopu nkuvomereza ndi ACK. M'kupatsana moni kumeneku mbali iliyonse imanenanso kukula kwa chidutswa chachikulu chimene ingalandire. Pa waya wamba wa mu ofesi nambala imeneyi imakhala 1,460, ndipo chifukwa chake chioneka posachedwa.

Ndiye kudula kumayamba. Mabaiti 2,000,000 akagawidwa ndi 1,460 amatulutsa zidutswa 1,369 zodzaza, nkutsala mabaiti 1,260 a chidutswa chomaliza. Zonse pamodzi ndi 1,370, kusiya pambali timabaiti tochepa ta HTTP ndi TLS kuti masamu asavute. Chidutswa chilichonse, chimene pano chimatchedwa segimenti, chimalandira mutu wa mabaiti osachepera 20.

M'mutu umenewu muli zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa. Choyamba ndi manambala a poti. Laputopu imodzi imakhala ndi mapulogalamu ambiri olankhula ndi intaneti nthawi imodzi, seva nayonso chimodzimodzi, choncho adiresi ya makina payokha siikwanira. Segimenti ya mlembi uja imalembedwa poti yopitako 443, imene ndi ya HTTPS, ndi poti yochokerako imene laputopu yangosankha pa nthawiyo, monga 51,200. Yankho likabwera ku poti 51,200, laputopu imadziwa kuti ndi la bulawuza, osati la pulogalamu ya imelo. Chachiwiri ndi nambala yotsatira ndondomeko. TCP siwerenga zidutswa, imawerenga mabaiti. Ngati chidutswa choyamba chiyambira pa baiti 1, chachiwiri chiyambira pa 1,461, chachitatu pa 2,921. Seva ikalandira choyamba ndi chachitatu imaona yokha kuti pakati pali dzenje, ndipo imapitiriza kuyankha kuti ikudikira baiti 1,461 mpaka laputopu itatumizanso chosowacho. Pa magawo onse a pansi pa bulawuza, ndi TCP yokha imene ili ndi udindo wosamala ngati chithunzi chafika chathunthu ku seva.

Gawo la IP ndi losasamala dala. Limalandira segimenti, limamatapo mutu wake wa mabaiti 20, ndipo chotulukacho chimatchedwa paketi. Pa mutuwo pali adiresi yochokera, 192.168.1.20, ndi yopita, 203.0.113.10. Pali nambala 6, yonena kuti m'katimu muli TCP, chifukwa akanakhala UDP, mnzake wa TCP amene sadikira chivomerezo, pakanalembedwa 17. Palinso kanambala kotchedwa TTL, kamene Windows imayambira pa 128 pomwe Linux ndi Android amayambira pa 64. Rauta iliyonse imene paketi yadutsa imachotsapo 1, ndipo ikafika pa 0 paketiyo imatayidwa. Popanda kanambala kameneka, paketi yosochera pakati pa marauta awiri osokonezeka bwenzi ikungozungulira mpaka kalekale.

IP silonjeza kanthu. Paketi ikhoza kutayika, kufika mochedwa, kapena kupitirira inzake imene inanyamuka poyamba. Anthu ambiri akamva izi koyamba amaona ngati nkulephera, koma ndi pamene pagona mphamvu yake. Chifukwa chakuti IP imapempha zochepa kwambiri kwa gawo lapansi pake, imatha kuyenda pa chilichonse: waya wa kopa, faiba, Wi-Fi, netiweki ya foni, setilaiti. Mafoni a 4G atabwera panalibe amene anafunika kulembanso mawebusayiti.

Adiresi imene siipita patali

Tsopano paketi ili ndi adiresi ya seva ya kutsidya la nyanja, koma waya wa laputopu umathera pa rauta ya pakona pa ofesi. Gawo lolumikiza makina oyandikana, limene pa waya wotere ndi Ethernet, silidziwa za kutsidya la nyanja. Ethernet anaiyambitsa Robert Metcalfe ndi anzake ku Xerox PARC, ku California, mu 1973, ndipo ili ndi maadiresi akeake otchedwa MAC, a mabaiti 6, amene kachipangizo kalikonse ka netiweki kamabwera nawo kuchokera kufakitale.

Laputopu imayang'ana adiresi 203.0.113.10 nkuona kuti si ya mu ofesi muno, choncho paketiyo iyenera kuperekedwa kwa rauta. Ngati siikudziwa MAC ya rautayo, imafuula kwa makina onse a pa netiweki ya mu ofesi kudzera mu njira yotchedwa ARP, kufunsa kuti mwini wa 192.168.1.1 ndani. Rauta imayankha ndi MAC yake, laputopu nkuisunga kwa kanthawi kuti isamafunse pa paketi iliyonse.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Paketi ikakulungidwa mu fulemu ya Ethernet, imakhala ndi maadiresi awiri opitako, ndipo ndi a makina awiri osiyana. Ya m'kati, ya IP, ndi ya seva. Ya kunja, ya MAC, ndi ya rauta ya mu ofesi. MAC ya seva laputopu siidzaidziwa ndipo siikuifuna.

Mutu wa Ethernet ndi wa mabaiti 14: 6 a wolandira, 6 a wotumiza, ndi 2 onena chimene chili m'kati, amene pa IPv4 amakhala `0x0800`. Gawo limeneli limaikanso kanthu kumchira: mabaiti 4 otuluka pa masamu ochitidwa pa fulemu yonse. Wolandira amabwereza masamu omwewo, ndipo zikapanda kufanana ndiye kuti fulemu yawonongeka m'njira. Akatero amangoitaya mwakachetechete, osauza aliyense. IP nayo siidziwa kuti chinachake chasowa. Nkhani imakatulukira kwa TCP, magawo awiri pamwamba, ikaona dzenje m'manambala ake. Nchifukwa chake waya wophwanyika pang'ono saonetsa uthenga wakuti wawonongeka. Intaneti imangoyenda mokoka miyendo, chifukwa zidutswa zambiri zikutumizidwa kawiri kapena katatu, ndipo TCP ikaona zotayika imachepetsanso liwiro poganiza kuti njira yadzaza.

Ethernet ilinso ndi malire awiri. Katundu wa m'fulemu imodzi sapitirira mabaiti 1,500, ndipo malire amenewa amatchedwa MTU. Pa 1,500 pakachoka 20 a IP ndi 20 a TCP pamatsala 1,460, nambala ija TCP inalengeza popatsana moni. Malire a pansi ndi mabaiti 46. Chilembo chimodzi ndi mitu yake iwiri chimangokwana 41, choncho Ethernet imathirapo mabaiti 5 ongodzazira malo, nkuwonjezera 18 ake, zonse nkukhala 64.

Mtengo wa kukulunga konseku ukhoza kuwerengedwa. Chidutswa chilichonse cha chithunzi chimanyamula mabaiti 58 owonjezera: 20, 20 ndi 18. Pa zidutswa 1,370 amenewa ndi mabaiti 79,460, pafupifupi 4 pa 100 alionse. Pa fayilo yaikulu si zodandaulitsa. Pa timauthenga ting'onoting'ono, chokulungira chimalemera kuposa katundu.

Chomaliza ndi gawo limene silidziwa ngakhale baiti. Limangosandutsa mabiti kukhala chinthu choyenda pa waya. Waya wa mu ofesi uli ndi timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, ndipo pa liwiro la gigabiti imodzi pa sekondi tonse timagwira ntchito, pa mtunda wosapitirira mamita 100. Pa liwiro la mamegabiti 100 timafunika 4 tokha. Choncho kawaya kamodzi mwa tinato kakaduka, makina ambiri amangogwirizana kutsikira pa 100, magawo onse a pamwamba osadziwa kanthu, mwini ofesi nkumaimba mlandu kampani ya intaneti.

Kuvula ndi kuvala pa rauta iliyonse

Fulemu ikafika pa rauta imakwera magawo, koma osati onse. Rauta imaona kuti MAC ndi yake, imayesa masamu a kumchira, nkuvula Ethernet yonse nkuitaya. Imawerenga adiresi ya IP, imasankha njira yotulukira, imachotsa 1 pa TTL, kenako imaveka paketiyo fulemu yatsopano yoyenera chingwe chotsatira. Izi zimachitika pa rauta iliyonse mpaka kukafika. Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho mapaketi opita kutsidya amayenda pa faiba kudutsa m'maiko oyandikana nawo kuti akapeze zingwe za pansi pa nyanja, monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zimene zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Pa ulendo wonsewo chovala chakunja chimasinthidwa kambirimbiri, pomwe mabaiti a chithunzi sakhudzidwa.

M'buku amati rauta siiyenera kusuzumira m'kati mwa paketi. Ya mu ofesi imasuzumira. Maadiresi oyamba ndi 192.168 ndi a m'nyumba, sayenda pa intaneti, ndipo maofesi mamiliyoni amagwiritsa ntchito omwewo. Rautayo imafufuta 192.168.1.20 nkulembapo adiresi yake ya kunja, kawirikawiri nkusinthanso poti yochokera imene ili m'mutu wa TCP, nkusunga m'kaundula kuti yankho likabwera idziwe mwini wake. Njira imeneyi imatchedwa NAT, ndipo inafala chifukwa maadiresi a IPv4, amene ndi pafupifupi 4.3 biliyoni, anachepa. Ndi kuphwanya lamulo la magawo poyera, koma popanda iyo anthu ambiri sakanakhala pa intaneti lero.

Ku seva zonse zimachitika mobwerera. Nambala `0x0800` imauza Ethernet kuti ipereke katundu kwa IP, nambala 6 imauza IP kuti ipereke kwa TCP, poti 443 imauza TCP pulogalamu yolandira. TCP imasanja zidutswa 1,370 motsatira manambala, TLS imamasula, ndipo chithunzi chimaonekanso. Amene akufuna kuziona ndi maso akhoza kutsegula pulogalamu yaulere ya Wireshark nkudina pa paketi imodzi. Pansi pamatuluka mizere yosanjikana, `Ethernet II`, kenako `Internet Protocol Version 4`, kenako `Transmission Control Protocol`, ndipo mzere uliwonse ukatambasulidwa umaonetsa manambala omwe atchulidwawa.

Mabaiti 8 okwanira kuimitsa ofesi

Pali vuto lina limene limazunguza mutu ngakhale anthu ozolowera ntchitoyi, ndipo limachokera m'magawo momwemu. Intaneti imaoneka kuti ilipo. Mauthenga afupiafupi akupita, masamba ena akutseguka. Koma chithunzi chikati chipite chimaima panjira, ndipo masamba ena amangozungulira osatseguka.

Makampani ena a intaneti amalumikiza makasitomala awo kudzera mu njira yotchedwa PPPoE, imene imaika mutu wake wa mabaiti 8 pakati pa Ethernet ndi IP. Fulemu siikula, choncho malo a paketi amatsika kuchoka pa 1,500 kufika pa 1,492. VPN nayo imachita zofanana, ndipo imadya malo ochulukirapo chifukwa imakulunga paketi yathunthu m'paketi ina. Laputopu ya mlembi siidziwa zimenezi. Imaona waya wake wokha, umene ukulola 1,500, ndipo seva nayo imaona wake. Onse awiri amalengeza 1,460, pomwe pakati pawo pali khomo lopapatiza.

Dongosolo lothana ndi zimenezi lilipo. Makompyuta a masiku ano amaika pa mutu wa IP chizindikiro chotchedwa DF, choletsa rauta kuiduladula paketi. Rauta ikalandira paketi yosakwana pa khomo imaitaya, nkubweza kauthenga ka ICMP konena kukula kumene kungadutse, ndipo wotumiza amachepetsa zidutswa zake. Zimasokonekera pamene wina, pofuna chitetezo, watseka ICMP yonse pa fayawolo ya pakati pa rautayo ndi wotumiza. Ndi chizolowezi choipa chimene chinafala kwambiri. Kauthenga kochenjeza sikafika, TCP imangoona kuti chidutswa sichinavomerezedwe, ndipo imachitumizanso pa kukula komweko, nkutayidwanso. Moni uja wa SYN ndi ACK amadutsa bwinobwino chifukwa ndi waung'ono, nchifukwa chake kulumikizana kumaoneka kwamoyo. Makompyuta ena amadzazindikira okha nkuchepetsa, koma pambuyo pa kudikira kotopetsa.

Kuyesa kwake nkosavuta, bola makina oyeserawo akhale oyankha `ping`. Pa Windows munthu amalemba lamulo ili, kuika adiresi yeniyeni m'malo mwa yachitsanzoyi:

```
ping -f -l 1472 203.0.113.10
```

Chilembo `-f` chimaika chizindikiro cha DF, ndipo `-l` chimanena kukula kwa katundu. Nambala 1,472 siyongolota: ikaphatikizidwa ndi 8 a mutu wa ICMP ndi 20 a IP imakwana 1,500 ndendende. Yankho likabwera ndiye kuti njira yonse ikulola paketi yathunthu, ndipo vuto lili kwina. Pakatuluka mawu akuti `Packet needs to be fragmented but DF set.` ndiye kuti khomo lopapatiza lilipo koma chenjezo likufika pa laputopuyo. Choipitsitsa ndi pamene 1,472 ikungoti `Request timed out.` pomwe nambala yocheperapo ikuyankhidwa, chifukwa pamenepo mapaketi aakulu akumezedwa popanda wonena. Woyesa amatsitsa nambala pang'onopang'ono mpaka yankho litabwera, nkuwonjezerapo 28 kuti apeze MTU yeniyeni ya njirayo. Pa PPPoE yankho limayamba kubwera pa 1,464.

Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba ndi kulola mauthenga a ICMP a mtundu umenewu kudutsa pa fayawolo. Achiwiri, amene marauta ambiri a m'nyumba amachita okha, ndi kuphwanyanso lamulo la magawo: rauta imasuzumira m'kauthenga ka SYN kakamadutsa, imafufuta 1,460 nkulembapo 1,452, ndipo mbali zonse ziwiri zimadula zidutswa zokwana pa khomo osadziwa kuti wina wazilankhulira. Chithunzi cha mlembi uja chikatero chimanyamuka m'zidutswa 1,378 m'malo mwa 1,370.